Ngodya Yoyeza ndi Chingwe

Khomani chikhomo pabwalo poyera, mumangirire chingwe, kunsonga kwake mumange kamtengo kosongoka, ndipo muzungulire mukulemba pansi chingwe chili chokoka. Mukafika pamene munayambira mwajambula bwalo lozungulira. Amisiri omanga nkhokwe ndi okumba zitsime amachita zimenezi asanayambe ntchito. Tsono masulani chingwe chija pachikhomo, muchigoneke m'mphepete mwa bwalolo motsata mzere wokhota uja, muike chizindikiro pamene chayambira ndi pamene chathera. Kuchokera pa zizindikiro ziwirizo lembani mizere iwiri yolunjika pachikhomo. Ngodya imene mizereyo yapanga pokumana pachikhomo ndiyo rediyani imodzi.

Chingwe chikhale cha mita imodzi kapena cha mamita 50, ngodyayo ituluka yofanana, chifukwa bwalo likamakula mzere wa m'mphepete nawo ukukula mofanana ndi chingwe. Mukapitiriza kugoneka chingwecho m'mphepete, chikwana kasanu ndi kamodzi, ndipo patsala kampata kochepa, kopitirira pang'ono kota ya chingwe. Nambala yake yeniyeni ndi 6.283 ndi manambala ena osatha, imene m'masamu imalembedwa 2π. Choncho kuzungulira kamodzi kwathunthu ndi marediyani 2π, ndipo theka la ulendowo ndi marediyani π, pafupifupi 3.142.

Ambiri a ife tinakula ndi madigiri, ndipo timaona ngati 360 ndi nambala imene bwalo linabadwa nayo. Ayi, anaisankha ndi anthu. Imachokera kwa akatswiri a nyenyezi a ku Babulo wakale, amene ankawerenga m'magulu a 60, ndipo inakhalitsa chifukwa imagawika bwino: pawiri, patatu, panayi, pasanu, ngakhalenso pakhumi ndi pawiri popanda chotsala. Kwa kalipentala ndi womanga nyumba, madigiri alibe vuto. Koma digiri siikuuzani chilichonse za utali. Mukamva kuti ngodya ndi madigiri 40, simudziwa msanga kuti m'mphepete mwayenda mtunda wotani. Mukamva kuti ndi marediyani awiri, mwadziwa kale: mwayenda zingwe ziwiri. Ubwino wonse wa rediyani wagona pamenepa. Ganizoli limatchulidwa kawirikawiri ndi dzina la Roger Cotes wa ku Cambridge, amene analemba za muyeso wotere mu 1714, koma dzina lake la lero linayamba kuoneka m'zosindikiza mu 1873, pa mafunso a mayeso amene James Thomson anakonza ku Queen's College mumzinda wa Belfast.

Tisanawerengere chilichonse, timvane maina a zinthu. Utali wa chingwe, kuchokera pachikhomo kufika m'mphepete, ndi rediyasi, ndipo timailemba r. Chidutswa cha mzere wokhota wa m'mphepete tichitcha uta, ndipo utali wake ndi s. Ngodya ya pachikhomo imalembedwa ndi chilembo cha Chigiriki θ, chotchulidwa kuti thita. Malo otsekeredwa ndi zingwe ziwiri ndi uta ndiwo sekita, ooneka ngati chidutswa cha chigumu chophikira m'poto chimene achicheka kuyambira pakati. Kukula kwa malowo tikulemba A.

Kusintha madigiri kuti akhale marediyani kumatsamira pa mfundo imodzi yokha: madigiri 180 ndi marediyani π. Ndiye mukakhala ndi madigiri, chulukitsani ndi π kenaka mugawe ndi 180. Madigiri 90 asanduka π/2, kapena 1.571. Madigiri 60 asanduka π/3, kapena 1.047. Pobwerera, chulukitsani ndi 180 mugawe ndi π, ndipo muona kuti rediyani imodzi ndi madigiri 57.3. Nambala iyi ndi yabwino kuisunga m'mutu, osati kuti muziwerengera nayo, koma kuti izikuchenjezani. Rediyani ndi ngodya yaikulu ndithu, yochepera pang'ono madigiri 60. Sekita iliyonse ya bwalo limodzi singapitirire marediyani 6.283, kotero mukaona ngodya ya 45 kapena 150 ikulowa mu fomula ya marediyani, pali chimene chalakwika.

Utali wa uta suvuta konse. Ngati rediyani imodzi ndi chingwe chimodzi m'mphepete, marediyani θ ndi zingwe θ:

s = rθ

Sindikuona chifukwa choloweza fomula imeneyi pamtima, popeza ndi tanthauzo la rediyani lomwe lija, langolembedwa ndi zilembo. Mukaitembenuza imati θ = s/r, kusonyeza kuti ngodya ndi utali wogawidwa ndi utali. Mamita apamwamba ndi mamita apansi amafafanizana, n'kutsala nambala yopanda mamita. N'chifukwa chake mabuku ambiri amangolemba θ = 1.2 osaonjezera chilichonse, pamene madigiri sasiyidwa opanda kachizindikiro kawo.

Kukula kwa sekita kumafuna kuganizira pang'ono. Idulenidulenitu sekitayo kuchokera pachikhomo, tizidutswa tambirimbiri topyapyala. Kachidutswa kakachepa kwambiri, kauta kake sikaonekanso kokhota, ndipo kachidutswako kamafanana ndi thirayango yaitali yowonda, imene tsinde lake ndi kauta kaja ndipo msinkhu wake ndi r. Kukula kwa thirayango ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu. Tizidutswa tonse tili ndi msinkhu umodzi, ndipo matsinde ake mukawaphatikiza akubwezerani uta wonse. Motero:

A = ½ × r × s

Ndipo popeza s ndi rθ:

A = ½r²θ

Theka limene ophunzira amaliiwala kawirikawiri ndi theka lomwe lija la thirayango. Archimedes wa ku Syracuse, amene anamwalira m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, anasonyeza kale kuti bwalo lonse ndi lofanana kukula ndi thirayango imene tsinde lake ndi utali wa m'mphepete monse ndipo msinkhu wake ndi rediyasi. Mukhoza kuyesa nokha. Ikani θ = 2π mu mafomula awiriwa, mupeza s = 2πr ndi A = πr², zomwe tinaphunzira ku pulayimale.

Tsopano tipite kudimba. Tiyerekeze kuti mlimi ali ndi mpopi pakona ya malo ake, pamene malire awiri owongoka amakumana, ndipo ngodya ya pakati pa malirewo ndi madigiri 150. Paipi yake yothirira ndi ya mamita 12. Akufuna kulima paliponse pamene paipiyo ikufika, osapyola malire. Malo amenewo ndi sekita: mpopi ndiwo chikhomo, paipi ndiyo chingwe. Akufuna kudziwa utali wa mpanda wotchinga mbuzi, kukula kwa dimbalo, ndi madzi amene lizimwa.

Choyamba ndi kusintha ngodya:

θ = 150 × π / 180 = 5π/6 = 2.618

Imani kaye pamenepa muone ngati nambalayo ikumveka. Madigiri 150 ndi ochepera pang'ono theka la bwalo, ndipo theka la bwalo ndi 3.142. Nambala ya 2.618 ili pansi pake pang'ono. Zikugwirizana. Tanthauzo lake ndi loti m'mphepete mokhotamo mukwana mapaipi awiri ndi theka, kuonjezapo kachidutswa.

s = 12 × 2.618 = 31.42

Uta ndi wa mamita 31.42. Ngati m'malire owongoka aja muli kale mpanda wa anansi, mlimi akufunika mamita 31.42 okha. Ngati mulibe, aonjeze mbali ziwiri za mamita 12, mpanda wonse ukhale mamita 55.42. Apa pamagwa anthu ambiri pamayeso, osati chifukwa chosadziwa masamu, koma chifukwa funso lati kuzungulira sekita yonse iwo n'kupereka uta wokha.

Kukula kwa dimba:

A = ½ × 12² × 2.618 = 72 × 2.618 = 188.5

Ndi masikweya mita 188.5. Njira ina ija ikuvomereza: theka la 12 ndi 6, ndipo 6 × 31.42 ndi 188.5. Pali njira yachitatu yotsimikizira imene siidalira marediyani n'komwe. Bwalo lonse la rediyasi ya mamita 12 ndi masikweya mita 452.4, ndipo madigiri 150 ndi magawo asanu mwa magawo 12 a bwalo. Gawani 452.4 ndi 12, muchulukitse ndi 5, mupeza 188.5 yomweyo. Wina anganene kuti ngati njira ya madigiri ikufikitsa pomwepo, marediyani ndi a chiyani? Pa funso limodzi lotere, kunena zoona, phindu lake ndi lochepa. Limaonekera pamene mulibe chida choyezera madigiri, ndipo tifikapo posachedwa.

Za madzi n'zachidule. Madzi okwana milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Ngati mlimi akufuna kuthira mamilimita 5 pa tsiku, achulukitse 188.5 ndi 5, apeze malita pafupifupi 942. Thanki ya malita 1,000 ikwanira tsiku limodzi, n'kutsala pang'ono.

Nanga atalumikiza paipi ina ya mamita atatu, kuti yonse ikhale mamita 15? Ngodya sisintha. Uta ukhala 15 × 2.618, omwe ndi mamita 39.27, ndipo dimba likhala ½ × 225 × 2.618, omwe ndi masikweya mita 294.5. Paipi yatalika ndi kota, mpanda wokhota watalika ndi kota, koma dimba lakula kupitirira theka la kukula kwake kwakale, ndipo thanki ija sikwaniranso: pakufunika malita oposa 1,470. Chochititsa ndi r amene mu fomula ya uta alimo kamodzi koma mu fomula ya malo alimo kawiri. Mfundo yomweyi ndiyo imalamulira makina othirira ozungulira a m'minda ikuluikulu ya nzimbe, monga a ku Nchalo: chidutswa cha paipi cha kunsonga chimathirira malo aakulu kwambiri kuposa chidutswa chofanana nacho cha pafupi ndi pakati, choncho chimayenera kutulutsa madzi ochuluka.

Tibwerere ku madigiri 150 aja. Pa funso la m'buku amangokupatsani. Kudimba ndani angakupatseni? Kapulasitiki koyezera ngodya ka m'bokosi la masamu sikathandiza pa malire a mamita 12 odutsa m'mizere ndi m'zitsotso. Koma tepi ndi chingwe zilipo. Kokani zingwe ziwiri motsata malire onse awiri kuchokera pampopi. Tengani chingwe chachitatu cha mamita awiri, mulembe uta pansi kuchokera malire ena kufika malire enawo. Gonekani chingwe chofewa motsata utawo, muchiwongole, muchiyeze ndi tepi. Chikakhala mamita 5.24, gawani ndi 2, mupeze 2.62. Imeneyo ndiyo ngodya yanu m'marediyani, yokonzeka kulowa mu fomula, ndipo madigiri sanafunike paliponse.

Njira iyi ili ndi malire ake. Mukaphonya ndi masentimita 5 poyeza uta waung'onowo, ngodya yaphonyeka ndi 0.025. Pa mamita 12 kuphonyako kusanduka masentimita 30 a mpanda ndi masikweya mita 1.8 a dimba. Kwa mlimi wa tomato zimenezi si kanthu. Koma mukaona kuti kuphonyako n'kwakukulu, lembani uta woyezera ndi chingwe chachitali, chifukwa masentimita 5 omwewo pa chingwe cha mamita 10 ndi 0.005 yokha. Kudula manambala msanga kumachita chimodzimodzi. Wolemba 2.6 m'malo mwa 2.618 apeza uta wa mamita 31.2 ndi dimba la masikweya mita 187.2, zosiyana pang'ono chabe. Atachita zomwezo pa makina othirira a mkono wa mamita 400, ataya masikweya mita 1,440 papepala. Ndi bwino kusunga 5π/6 momwemo, kapena manambala anayi, mpaka pamapeto.

Kulakwitsa kumene aphunzitsi amakuopa kwambiri ndi kulowetsa madigiri mu fomula ya marediyani: 12 × 150 = 1,800. Ine kumeneku sikundidetsa nkhawa, chifukwa kumadziulula kokha. Bwalo lonse la rediyasi ya mamita 12 m'mphepete mwake ndi mamita 75.4 basi, ndiye chidutswa chake chingakhale bwanji mamita 1,800? Woiwala theka apeza masikweya mita 377, omwe ndi opitirira theka la bwalo lonse, pamene ngodya yake siinafike n'komwe theka. Muyeso wa bwalo lonse ndiwo mboni yanu nthawi zonse. Koopsa ndi kulakwitsa kumene kumapereka yankho looneka labwinobwino, ndipo kumabwera pamene kakyuleta yalowererapo.

Onani umu. Tiyerekeze kuti mlimi uja waona kuti mpanda wokhota ndi wovuta kumanga, ndipo akufuna kuumanga wowongoka kuchokera kunsonga ina ya uta kufika kunsonga inayo. Mzere wowongokawo ndi nsinga ya uta. Mpandawo udula dimba pawiri: mbali ya kumpopi kutsala thirayango, ndipo kuseri kwake kutsala malo a pakati pa nsinga ndi uta, amene m'kalasi amawatcha segimenti. Utali wa nsinga ndi 2r × sin(θ/2), ndipo pano ndi 24 × 0.9659, omwe ndi mamita 23.18. Wapulumutsa mamita 8 a mpanda. Koma thirayangoyo kukula kwake ndi ½r² × sin θ, ndipo sin ya madigiri 150 ndi 0.5:

72 × 0.5 = 36

188.5 − 36 = 152.5

M'kati mwa mpanda mwatsala masikweya mita 36 okha, ndipo 152.5 atsala kunja kwa mbuzi. Ngodya ikakhala yotambasuka chonchi, pafupifupi dimba lonse lili m'mimba mwa uta. Mpanda wowongoka ndi malonda oipa.

Msampha uli pa sin. Mu s = rθ ndi A = ½r²θ kakyuleta imangochulukitsa, ndipo ilibe nazo ntchito kuti yatcheredwa pa madigiri kapena pa marediyani. Koma batani la sin limafuna kudziwa kuti nambala mwailembayo ndi ya muyeso uti. Pamwamba pa sikirini pamakhala kachilembo, D kapena DEG pa madigiri, R kapena RAD pa marediyani. Mukalemba sin(2.618) kakyuleta ili pa RAD, ikupatsani 0.5. Ikakhala pa DEG iganiza kuti mukunena madigiri awiri ndi theka, ikupatsani 0.0457. Thirayango ituluka masikweya mita 3.3, segimenti ituluka 185.2. Nambala imeneyi ndi yochepera 188.5 monga ikuyenera kukhalira, siikupyola bwalo, ndipo palibe chimene chikukuwa kuti yalakwika. Njira yodzitetezera ndi kuyesa kakyuleta musanayambe: lembani sin(30). Ikayankha 0.5 ili pa madigiri, ikayankha −0.988 ili pa marediyani. Pa kompyuta nkhani imatembenuka, chifukwa SIN ya mu Excel imayembekezera marediyani nthawi zonse, ndipo wofuna sin ya madigiri 150 ayenera kulemba `=SIN(RADIANS(150))`.

Kusiyana kwa uta ndi nsinga kumadalira kukula kwa ngodya. Pa marediyani 2.618 taona kuti ndi mamita 31 ndi mamita 23. Ngodya ikachepa ziwirizi zimayandikana mofulumira. Mzuzu ali pafupifupi kumpoto kwenikweni kwa Lilongwe, ndipo mizinda iwiriyi imasiyana ndi madigiri pafupifupi 2.5 a latichudi. Imeneyo ndi ngodya ya pakatikati pa dziko lapansi, ndipo m'marediyani ndi 0.0436. Rediyasi ya dziko ndi makilomita pafupifupi 6,371. Kuchulukitsa ziwirizi kukupereka makilomita 278, mtunda wa mbalame, osati wa msewu wa M1 umene umakhotakhota. Mutaboola ngalande yowongoka pansi pa nthaka kutsata nsinga, mungapulumutse mamita ongopitirira 20 pa ulendo wonsewo. Pa ngodya zazing'ono, θ ya m'marediyani ndi sin θ zimangotsala pang'ono kufanana, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene masamu apamwamba ndi fizikisi zimakonda marediyani kuposa madigiri.

Kudimba tinayambira pa ngodya n'kupeza uta. Pali ntchito zina zimene zimayambira pa uta n'kufuna ngodya, ndipo yomveka bwino ndi ya amisiri okhoma ndowa ndi mbaula m'misika yathu. Fanelo, chipewa cha chumuni, chivundikiro chosongoka cha chodyera nkhuku, zonsezi zimachokera ku lata lafulati. Chinthu chosongoka chotere mukachitumbula kuchokera kunsonga kutsika n'kuchiyala pansi, chimasanduka sekita. Rediyasi ya sekitayo ndi utali wa mbali yotsetsereka, ndipo uta wake ndi mkombero wa pansi.

Tinene kuti pakufunika chipewa cha chumuni chotambalala masentimita 48 pansi, chotalika masentimita 18 pakati. Theka la 48 ndi 24. Mbali yotsetsereka tiipeza ndi lamulo la Pythagoras: 24² ndi 576, 18² ndi 324, pamodzi 900, ndipo nambala imene ikadzichulukitsa yokha ipereka 900 ndi 30. Ndiye mmisiri ajambule palata bwalo la rediyasi ya masentimita 30. Chenjerani pano, chifukwa marediyasi alipo awiri. Wa 24 ndi wa chipewa chikatha, wa 30 ndi wa palata lisanapindidwe. Mkombero wa chipewa ndi 2π × 24, omwe ndi masentimita 150.8, ndipo umenewu ndiwo uta wa sekita ya palata.

θ = s/r = 150.8 / 30 = 5.027

Marediyani 5.027 ndi madigiri 288. Lata lolowa m'chipewacho ndi ½ × 30 × 150.8, omwe ndi masikweya sentimita 2,262, ngakhale kuti pogula muyenera kuwerengera chidutswa cha masentimita 60 mbali zonse, poti bwalolo lidulidwa m'menemo.

Kuyeza uta wa masentimita 150.8 m'mphepete mwa lata lakuthwa ndi ntchito yotopetsa, choncho n'kwanzeru kuyeza chochotsa m'malo mwa chotsala. Bwalo lonse ndi 6.283, tichotsepo 5.027, patsala marediyani 1.257, kapena madigiri 72. Uta wa kachidutswa kochotsako ndi 30 × 1.257, omwe ndi masentimita 37.7. Dulani kawaya kofewa ka utali umenewo, mukapinde motsata mphepete, muike zizindikiro ziwiri, mulembe mizere yopita pakati, mudule. Koma mmisiri wofulumira amatenga rula n'kuyeza masentimita 37.7 mowongoka kuchokera pa chizindikiro china kufika pa chinzake. Pamenepo wayeza nsinga, osati uta, ndipo wachotsa madigiri pafupifupi 78 m'malo mwa 72. Chipewa chake chituluka chotambalala masentimita 47, chosongoka kuposa chimene anaitanitsa. Ngati akufuna kugwiritsa ntchito rula, nambala yoyenera ndi ya nsinga: 60 × sin ya madigiri 36, omwe ndi masentimita 35.3.

Masamuwa amaganiza kuti mbali ziwiri zodulidwazo zingokhudzana mlomo ndi mlomo. Lata silimangika choncho. Pamafunika mpata wopindira msoko kapena wokhomera maliveti, ndipo mpata umenewo umasiyidwa kumbali imodzi ya kachidutswa kochotsa kaja, ngati kamzere ka sentimita imodzi kapena ziwiri kotsata mzere wodula kuyambira m'mphepete mpaka pafupi ndi pakati. Usaphatikizidwe ku ngodya, chifukwa ngodya yoonjezera imapereka mpata wotambalala kumkombero koma wotheratu kunsonga, kumene madzi a mvula amayambira kulowa.